Madzi a mvula: denga langa lingatole malita angati?

"Ndili ku Chinamwali, nyumba yanga ndi ya malata, mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Ndingadziwe bwanji malita amene ndingatole mvula ikagwa?"

Achimwene, gwirani ichi: milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi, imeneyo ndi lita imodzi. Ndiye 10 kuchulukitsa ndi 6, denga lanu ndi masikweya mita 60. Koma muyeze pansi, malo amene denga laphimba kufikira pamene madzi amadonthera, osati kukwera n'kuyeza malata motsatira kupendekeka kwake. Ambiri amalakwitsa pamenepa, nambala n'kukula mwabodza.

Tinene kuti usiku yagwa ya mamilimita 20, zimene kuno ku Zomba mu Januwale si zachilendo. 60 kuchulukitsa ndi 20 ndi malita 1,200. Onsewo safika m'thanki ayi: ena amasefukira m'ngalande za denga, ndipo oyamba aja, a fumbi ndi zitosi za mbalame, muyenera kuwataya. Ine ndimachulukitsa ndi 0.8, kutsala malita 960, pafupifupi migolo isanu ya malita 200. Ngati denga ndi lotsetsereka mbali ziwiri zofanana koma ngalande ili mbali imodzi yokha, yembekezani theka, malita 480.

Mamilimitawo yezani nokha: ikani chitini chowongoka pabwalo, kutali ndi mitengo, m'mawa muviikemo rula.