Chifukwa chake manambala a okosijeni amatsika bambo akangoyenda

"Bambo anga anachira TB chaka chatha koma akuti mapapo ali ndi zipsera. Akakhala pansi kamakina ka pachala kamawerenga 95, akangopita kubafa n'kubwerako kamafika 87 ndipo amakhala wefuwefu. Mpweyatu akukoka ndithu, ndiye ukusowera pati?"

Achemwali, pepani ndi matendawo. Mpweyawo ukulowadi, koma kulowa m'chifuwa ndi kulowa m'magazi n'zosiyana.

Kumapeto kwa njira za mpweya kuli timatumba ting'onoting'ono toposa 300 miliyoni, ndipo kalikonse n'kokutidwa ndi timitsempha ta magazi. Pakati pa mpweya ndi magaziwo pali kakhoma kopyapyala kwambiri, kuchindikala kwake ngati mutagawa milimita imodzi ka 2,000. Palibe chimene chimapopa okosijeni kuti awoloke kakhomako. Amadutsa yekha, kuchoka kumene ali wambiri kupita kumene ali wochepa. Ndiye kakhomako kakachindikala kawiri, liwiro lowolokera limatsika ndi theka.

Funso lanu lagona pa nthawi. Munthu akakhala phee, magazi amatha pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a sekondi akudutsa pambali pa kathumba, pamene m'mapapo abwino amakhala atadzaza kale ndi okosijeni m'gawo loyamba lokha. Magawo awiri enawo ndi nthawi yapadera. Chipsera chimadya nthawi imeneyi. Tinene kuti kwa bambo kuwolokako kukufuna magawo onse atatu: ali pampando magazi amadzazabe, ngakhale movutikira, n'chifukwa chake mukuona 95. Akaimirira n'kuyenda mtima umathamanga, magazi amadutsa mofulumira, nthawi ija imafupika, ndipo amachoka asanadzaze. Komanso amabwera kumapapo ataphwa kwambiri chifukwa minofu ya miyendo yatapamo okosijeni wambiri. Akakhalanso pansi kwa mphindi zingapo nambala imakweranso.

Ndisakunamizeni kuti vuto ndi kuchindikala kokhako. TB imawonongeratu timatumba tina ndi timitsempha take, choncho malo owolokera amachepa, ndipo magazi onse amapanikizana m'timitsempha tochepa totsalato n'kumathamanga kwambiri. Palinso mbali zina za mapapo zimene magazi amadutsa koma mpweya sufikako bwino, ndipo kwa odwala ambiri gawo lalikulu la vuto limachokera pamenepa. Mpweya woipa umene timatulutsa uja sutsekerezeka msanga, poti umawoloka mofulumira pafupifupi ka 20 kuposa okosijeni. Choyamba kusokonekera ndi okosijeni.

Chimene ndikufuna musamale nacho ndi madzi, chifukwa nawo amatalikitsa njira yomweyi koma machitidwe ake ndi ena. Mbali yakumanzere ya mtima ikafooka, kapena impso zikaleka kutulutsa madzi, magazi amaunjikana m'mapapo ndipo madzi amayamba kuchucha. Poyamba amalowa m'kati mwa kakhoma kaja n'kukatupitsa, kenako amadzaza timatumba tomwe. Chibayo chimachitanso chimodzimodzi, koma chimadzaza timatumbato ndi mafinya. Kathumba kakadzaza, magazi amangodutsa pabwalo osatenga kanthu. Chipsera chimakula pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka, ndipo sichibwerera. Madzi amabwera m'maola kapena m'masiku ochepa. Munthu amabanika akagona chagada, amafuna mapilo awiri kapena atatu, amadzidzimuka usiku kufuna mpweya, nthawi zambiri miyendo imatupa, ndipo zikafika poipa amakhosomola thovu. Madzi a mtima amaphwa ndi mankhwala okodzetsa ngati furosemaidi, koma mankhwala omwewo sachita kanthu pa chipsera. Ndanena izi chifukwa ndaonapo anthu akubwerekana "mapiritsi a madzi" kwa aneba poganiza kuti befu ndi mmodzi yemweyo, mapeto ake wodwala n'kuuma thupi pachabe.

Okosijeni wa kuchipatala amathandiza ngakhale khoma silinasinthe. Mumpweya wamba okosijeni ndi 21 peresenti. Mukamukweza kufika 40, kusiyana kwa mbali ziwiri za kakhoma kumakula kuposa katatu, ndipo amakankhika kuwoloka mwachangu. Koma kumene timatumba tadzaziratu madzi kapena mafinya, thandizo lake limakhala lochepa.

Kunyumbako chitani izi kwa sabata imodzi: ayezeni atapuma mphindi zisanu, kenako ayende mtunda womwewo tsiku lililonse, muyezenso pomwepo, ndipo mulembe manambala onse awiri. Chala chikhale chofunda, apo ayi kamakina kamanama. Kuchipatala timayendetsa munthu mphindi 6, ndipo kutsika ndi 4 kapena kuposerapo timakutenga ngati nkhani. Kwa bambo kwatsika ndi 8, ndiye pitani nawo limodzi ndi kapepalako, muwauzenso adokotala ngati anagwirapo ntchito kumigodi kapena koswa miyala, poti fumbi limasiyanso zipsera zakezake. Koma nambala ikatsika pansi pa 90 ali chikhalire, kapena ayamba kutentha thupi, kulephera kugona chagada, kapena kutsokomola magazi, musadikire kuti sabatayo ithe, pitani nawo tsiku lomwelo.