Tsamba la About: ntchito patsogolo, mbiri ya ubwana pambuyo

"Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi za ana. Webusaiti yanga yatha, koma tsamba la About landikanika. Ndalemba mawu oposa 500, kuyambira tsiku limene bambo anga anandibwereka kamera ndili ndi zaka 12. Ndikawerenga sindikukhutira. Ndichotse chiyani?"

Achemwali, musanachotse kanthu, taganizirani za munthu amene amatsegula tsambali. Nthawi zambiri amakhala ataona kale zithunzi zanu ndipo zamusangalatsa. Chimene chatsala n'chakuti akudziweni: kodi ntchito imene akufunayo mumaigwira, muli kuti, nanga mungadalirike pa tsiku limene silidzabweranso? Ambiri amawerengera pa foni, pomwe mizere yochepa yokha ndiyo imaoneka munthu asanatsitse tsamba. Mizere imeneyo ikadzaza ndi nkhani ya kamera ya bambo, munthuyo amachoka asanamve zimene anadzera.

Ndiye ziganizo ziwiri zoyamba zinene dzina lanu, zimene mumajambula, ndi mzinda umene muli. Pambuyo pake fotokozani mmene mumagwirira ntchito. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amalemba kuti "ndimakonda kwambiri kujambula" kapena "ndimasunga zikumbutso zanu". Ndani wojambula amene sanganene zimenezi? Yesani kubisa dzina lanu ndi chala, muwerengenso chiganizo chilichonse. Ngati chingakhale pa webusaiti ya wojambula wina popanda kusintha liwu, chichoke.

Tiyerekeze kuti kagwiridwe kanu n'kotere. Mukatchula dzina ndi mzinda, mungapitirize chonchi:

"Ndakhala ndikujambula maukwati ndi ana kwa zaka 6. Pa ukwati ndimafika mkwatibwi akukonzekera, ndipo ndimachoka alendo akabalalika. Sindikonda kuimitsaimitsa anthu. Kupatula mphindi 30 za zithunzi za achibale, ndimajambula zinthu mmene zikuchitikira. Zithunzi pafupifupi 400 zokonzedwa bwino mumalandira pasanathe milungu 4. Ana aang'ono ndimawajambulira kunyumba kwawo, m'mawa, chifukwa ndi kumene amamasuka."

Manambalawo muike anu enieni, ndipo akhale amene mumakwanitsa ngakhale mwezi umene ntchito zachulukana. Mukalemba milungu 4 koma n'kupereka pa wa 7, tsamba lanu lomwe ndilo limakhala mboni yokutsutsani. Koma taonani zimene ndimeyi yachita. Wofuna zithunzi zochita kukonza, aliyense ataima mwadongosolo, wadziwiratu kuti simugwirizana. Mayi amene mwana wake amalira akaona malo achilendo wapeza munthu wake. Zonsezi zachitika musanayankhe uthenga ngakhale umodzi.

Nkhani ya bambo musaitaye yonse. Isiyeni chiganizo chimodzi chakumapeto, ndipo chingakome kwambiri ngati chikulumikizana ndi ntchito ya lero, mwachitsanzo ngati anali iwo amene anakuphunzitsani kudikira mpaka munthu aiwale kuti pali kamera. Mndandanda wa makamera ndi malenzi wokha ndiwo uchoke wonse. Amene amachita nawo chidwi ndi ojambula anzanu, ndipo iwo si amene adzakulembeni ntchito. Chida chitchulidwe pokhapokha chikuyankha nkhawa ya kasitomala, monga kunena kuti mumanyamula makamera awiri kuti ina ikafa mwambo uli mkati ntchito isaime.

Lembani kuti "ndimajambula", osati "amajambula", popeza mumagwira nokha ndipo wowerenga akudziwa kuti mwalemba ndinu. Tsamba lonse mawu 150 kapena 200 akwana. Pambali pake pakhale chithunzi chanu chooneka nkhope, osati chija chimene kamera yaphimba maso, chifukwa munthu amafuna adzakuzindikireni mukakumana. Makasitomala akale muwatchule okhawo amene avomera.

Ndiwonjezere mawu kwa okonza malogo ndi maposita, poti ndikudziwa kuti nanunso mumawerenga. Kwa inu ndime yapakatiyo inene kuti mumapereka zitsanzo zingati poyamba, mumalola kukonzanso kangati, ndiponso mafayilo amene kasitomala amalandira, kaya ndi SVG, PDF kapena PNG. Ndipo chonde musalembe mawu a tsambali mu Photoshop n'kuwaika ngati chithunzi. Pa foni zilembo zimachepa mpaka kusawerengeka, munthu sangakopere imelo yanu, komanso mapulogalamu owerengera anthu osaona amangodumphapo.

Pansi penipeni muikepo njira imodzi yokupezerani, imelo kapena batani lopita ku Contact, ndipo munene kuti mumayankha pasanathe masiku angati. Tsambali likakhalako mwezi umodzi, muyang'ane mauthenga amene mwalandira. Ngati anthu atatu afunsa zofanana, tinene kuti ngati mumapita kukajambula kutali, ndiye kuti yankho lake likusowa pa tsambalo. Muliwonjezere m'chiganizo chimodzi, ndipo muchotse china kuti tsamba lisatalikenso.