Foni ikatayika, mudzalowa bwanji mu akaunti yanu?

"Ndimagula mtedza ndi soya kwa Kamwendo, ndipo ndimapitapita ku Chipata. Mwana wanga akuti ndiyatse 2-Step Verification pa Gmail komanso ndizilola foni kusunga mapasiwedi. Koma nanga foniyo ikabedwa, si ndiye kuti wakuba watenga zonse, ine n'kutsekeredwa kunja?"

Mayi, mwana wanu wanena zoona, koma mantha anuwo ali ndi mutu. Foni ikamasunga mapasiwedi onse, kenaka nambala yotsimikizira, yomwe 2-Step Verification imafunsa mukatha kulemba pasiwedi, n'kumabweranso pa foni yomweyo, ndiye kuti loko ndi makiyi ake zili m'thumba limodzi. Chofunika n'chakuti kiyi mmodzi akhale kunyumba, papepala.

Yambani ndi loko wa foni musanakhudze china chilichonse. Pa Android, chosungira mapasiwedi chimatchedwa Google Password Manager, ndipo munthu akafuna kuona pasiwedi yosungidwa, foni imangomufunsa PIN, pateni kapena chala chomwe mumatsegulira foniyo. Choncho aliyense wodziwa PIN yanu angathe kuwerenga mapasiwedi onse. Ikani ya manambala 6, isakhale chaka chanu chobadwa, isafananenso ndi ya Mpamba kapena Airtel Money. Pateni yojambula ndi chala sindiikonda, chifukwa munthu amene waima pambali panu pa sikelo amailoweza atangoona kamodzi. Ana akafuna kuonera mavidiyo, atsegulireni nokha. Kotchajitsa ndi kokonzetsa mafoni musasiyeko PIN pokhapokha muli pomwepo, ndipo mukaitchula, isintheni mukafika kunyumba.

Tsopano pitani ku Settings, Google, Manage your Google Account, Security, kenaka 2-Step Verification. Mafoni amasiyana pang'ono kalembedwe, koma njira ndi yomweyi. Mulemba pasiwedi yanu ya Google, muika nambala ya foni, ndipo mulandira meseji ya manambala 6 oti mulembe. Onetsetsani kuti nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Ikakhala ya dzina la mlamu wanu, tsiku lokabwezeretsa simukhadi yotayika mudzavutika, ndipo mameseji otsimikizira adzakhala akupita ku nambala imene simukuigwira.

Ambiri amalekera pamenepa, pomwe chachikulu chili patsamba lomwelo. Dinani Backup codes. Mupatsidwa manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha. Alembeni ndi cholembera m'kope, pamodzi ndi adiresi ya Gmail yanu. Musawajambule ndi foni, chifukwa chithunzicho chidzapita limodzi ndi foniyo. Kopelo lisakhale la bizinesi lomwe mumayenda nalo kumsika, likhale komwe mumasunga ziphaso ndi makhadi a ana a kusikelo. Pasiwedi ya Google yeniyeniyo ikhale m'mutu mwanu, kapena papepala lina losungidwa padera, popeza ndi imene imatsegula chosungiracho. Simungaisunge m'katimo n'kuyembekeza kuipeza foni itapita.

Tiyerekeze kuti foni yasowa muli mu minibasi kuchokera pa chipata cha Mwami. Mukafika kunyumba, bwerekani foni ya mwana wanu, mutsegule Chrome, musankhe New Incognito tab kuti zanu zisatsalemo, mulowe mu akaunti ndi pasiwedi. Ikafunsa nambala yotsimikizira, dinani Try another way, musankhe za backup codes, mulembe imodzi ya m'kope muja n'kuikhwatcha. Mukalowa, pitani ku Security, pa Your devices, mupeze foni yotayikayo ndi kudina Sign out. Kenaka sinthani pasiwedi ya Google, ndipo ngati mukukayikira kuti wina anaona PIN yanu, musinthenso ya Facebook ndi ya kubanki. Mapasiwedi osungidwa aja sanatayike, ali mu akaunti, ndipo adzabwera okha mukadzalowa pa foni yatsopano. Simukhadi katsekeseni tsiku lomwelo.

Za ku Chipata: mukachotsa simukhadi ya kuno n'kuika ya ku Zambia, meseji yotsimikizira sikupezani. Pamenepo pamathandiza Google Authenticator, pulogalamu ya pa foni yomwe imatulutsa manambala 6 atsopano masekondi 30 aliwonse popanda netiweki kapena bandulo. Ndi yabwino, koma imakhala m'foni momwemo, choncho singalowe m'malo mwa kope lija.

WhatsApp ili ndi yakeyake, pa Settings, Account, Two-step verification. Pamenepo mumasankha nokha PIN ya manambala 6, ndipo muikenso imelo yoti idzakuthandizeni mukaiwala. Kwa inu amene makasitomala amakupezani pa WhatsApp, iyi musaizengereze. Wina akaimba kuti "ndatumiza nambala molakwitsa pa foni yanu, ndiwerengereni," dulani foni ngakhale atatchula dzina la m'bale wanu. Meseji ya nambala yotsimikizira ikabwera inu musanapemphe, ndiye kuti wina akuyesa kulowa. Ikakhala yochokera ku Google, mwina pasiwedi ali nayo kale, ndiye isintheni nthawi yomweyo.