Fomu yoti muwayeze bwana yafika: mulembe chiyani?

"Ndine kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili pa kontirakiti ya sizoni. A ofesi yoona za antchito atipatsa fomu yoti tilembe mmene manejala wathu amatitsogolera, akuti tisalembe dzina. Bwanayu amasintha munda wothyola m'mawa osatiuza, zikasokonekera n'kutikalipira pamaso pa othyola. Ndikufuna kunena zoona, koma ndikuopa kuti sizoni yamawa sadzandiitananso. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, lembani ngati kuti dzina lanu lili pamwamba pa pepalalo. Makalaliki a pa sikelo m'divishoni imodzi ndi owerengeka, ndipo bwana wanu amawerenga zolemba zanu tsiku ndi tsiku. Amadziwa mmene mumalembera manambala, amadziwanso mawu amene mumakonda. Ngati fomuyo ndi ya pa foni, ya Google Forms kapena ina, ndipo ikufuna kuti mulowe kaye ndi akaunti yanu, n'zotheka kuti imelo yanu ikupita limodzi ndi mayankho. Musanalembe, funsani mwaulemu a ofesiwo ngati bwana adzaona mapepala enieniwo kapena chidule chabe. Koma ngakhale akulonjezeni chinsinsi, chiganizo chilichonse chikhale choti mungachiwerenge mokweza bwanayo ali apo, inu osagwetsa nkhope.

Ndikudziwa zimene dzanja likufuna kulemba: "Bwana ndi amwano, salemekeza anthu, ndipo aliyense akudandaula." Mwina n'zoona ndithu, koma chiganizochi n'chimene chingakupwetekeni. Mawu oti "amwano" akuweruza khalidwe la munthu, ndipo khalidwe silitsimikizika ndi buku lililonse. Iwo adzakana, inu mudzalimbikira, ndipo pa mkangano wa mawu okhaokha amene amamvedwa ndi wamkulu. Mawu oti "aliyense" ndiye oopsa kuposa pamenepo. Akukusandutsani mneneri wa gulu limene silinakutumeni, ndipo tsiku limene anzanu adzaitanidwe mu ofesi mmodzimmodzi, ambiri adzati alibe vuto. Mudzatsala nokha, ndi mbiri yoti mumasonkhezera anthu.

Chimene bwana sangakane ndi chimene chinachitika, ndipo inu muli ndi mwayi woti ntchito yanu imasiya umboni m'mabuku. Ine ndikanalemba motere:

"Mwezi wathawu, kangapo konse, munda wothyola unasinthidwa m'mawa ife a sikelo tisanauzidwe. Sikelo ndi thirakitala zinapita ku munda wakale, moti kuyeza koyamba kunachedwa ndipo masamba anakhalitsa padzuwa asanapite ku fakitale. Nthawi zoyezera zili m'buku la sikelo. Ndikupempha kuti munda ukasintha, uthenga uzitipeza kudzera kwa akapitawo kapena pa foni tisananyamuke. Ndikupemphanso kuti pakakhala cholakwa cha kalaliki, tizidzudzulidwa pambali, chifukwa tikakalipiridwa pamaso pa othyola, iwo amayamba kukayikira makilogalamu amene tikuwalembera."

Mu ndimeyi mulibe bodza, ndipo palibe chimene chabisidwa. Zonse ziwiri zimene zikukuwawani zanenedwa. Chimene chasintha n'chakuti vuto laikidwa pamene pamawawa kampani. Aliyense wa pa esiteti amadziwa kuti tiyi wothyola akaunjikana nthawi yaitali amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo wotero amatsitsa ubwino wa tiyi wotuluka ku fakitale. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene masamba ndi ambiri, kuchedwa kwa sikelo kumamveka mpaka kumeneko. Wowerenga wa ku ofesi akaona zimenezi amaona kalaliki wosamala ntchito. Ngakhale nkhani ya kukalipiridwa sinalembedwe ngati ya mtima wanu wosweka, ngakhale mtimawo unaswekadi. Yalembedwa ngati nkhani ya chikhulupiriro cha othyola pa sikelo, ndipo manejala aliyense amadziwa kuti phokoso la makilogalamu likabuka silizima msanga.

Pempho lakumapeto musalisiye. Ndemanga yopanda pempho imamusiya bwana ndi njira ziwiri zokha, kuvomera kuti ndi woipa kapena kusaka amene walemba. Pempho limamupatsa njira yachitatu yosamuchititsa manyazi: mawa lake angouza akapitawo msanga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali kachinthu kamodzi kovuta apa. Tsatanetsatane ndi amene amapangitsa kuti akukhulupirireni, koma ndi yemweyonso amene amakuululani. Mukalemba tsiku ndi dzina la munda pamene inu nokha munali pa sikelo, mwasaina kale. N'chifukwa chake pa fomu yopanda dzina ndalemba kuti "kangapo konse mwezi wathawu" n'kuloza ku buku, m'malo motchula tsiku. Sankhani zochitika zimene anaona anthu ambiri. Zimene bwana anakuuzani muli awiri mu ofesi zisalowemo.

Fomu zotere zimafunsanso zimene bwana amachita bwino. Musasiye mpata wopanda kanthu, komanso musanamizire. Ngati amaonetsetsa kuti malekodi a malipiro apita nthawi yake, lembani chimenecho basi. Kuyamikira kwa "bwana wathu ndi bambo wa tonse" kotsatiridwa ndi madandaulo kumamveka ngati chipongwe. Ndipo mfundo zikhale ziwiri, zikachuluka zitatu. Pepala la mfundo khumi limawerengedwa ngati la munthu wosunga mangawa.

Pa za lamulo, ndikuuzeni mosapsatira pamene chitetezo chanu chimathera. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, luso lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndipo kukasuma kuti bwana waphwanya malamulo si chifukwa chochotsera munthu. Koma kontirakiti ya sizoni imatha yokha, ndipo ngati sanakuitaneninso, kutsimikizira kuti chifukwa chake ndi fomu ija n'kovuta kwambiri. Motero chitetezo chanu chachikulu chili mu kalembedweko.

N'chifukwa chakenso nkhani zina si za pa fomuyi. Ngati bwana akudula makilogalamu a anthu, akukana kulipira ovataimu, kapena akufunsira akazi mowaopseza ndi ntchito, limenelo ndi dandaulo, ndipo lili ndi njira yake: kalata yokhala ndi dzina, tsiku ndi mboni, yodzera mu ndondomeko ya madandaulo ya pa esitetipo kapena kwa nthumwi ya yuniyoni ngati PAWUM, ndipo zikakanika, ku ofesi ya leba pa boma. Mlandu woterowo mukauponya m'kabokosi ka ndemanga, mwangomuchenjeza wolakwayo, inu osapeza chitetezo chimene dandaulo lolembetsedwa limapereka.

Lembani kaye kunyumba pa pepala lanu, osati pa kompyuta ya ku ofesi, ndipo musatumize tsiku lomwe mwakalipiridwa. Ligone, mawa muliwerengenso mukufufuta mawu onse onga "nthawi zonse" ndi "sanayambepo", chifukwa tsiku limodzi lokha limene anakuuzani msanga likwanira kugwetsa pepala lonse. Musaliyendetse pa gulu la WhatsApp la makalaliki kuti anzanu alione. Ngati mukufuna wokuwerengerani, akhale wa kunja kwa esiteti. Mukamaliza kudzaza fomuyo, ijambuleni pa foni yanu musanaipereke, ndipo mulembe penapake tsiku limene mwapereka ndi amene walandira. Zinthu zikadzasintha pambuyo pake, mwachitsanzo mwasamutsidwa mwadzidzidzi kapena mwayamba kulandira makalata a chenjezo amene kale kunalibe, chithunzicho ndi tsikulo ndi zoyamba zimene a yuniyoni kapena a leba adzakufunseni.