Kalata yokweza lendi: mulembemo chiyani, muipereke liti?

"Ndili ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Ulongwe, muli aphunzitsi amene amalipira mametikali 3,000 pamwezi. Ndafolera malata atsopano ndipo ndikufuna ifike 3,600. Ndiwauze bwanji kuti tisayambane?"

Bambo, musanagwire cholembera tsegulani pangano limene munasainirana. Ngati linati lendi ndi 3,000 kwa chaka chathunthu, dikirani chakacho chithe, pokhapokha iwo avomere okha kusintha. Ngati linatchula nthawi yochenjezera, tsatani imeneyo. Pamene silinanene kanthu, ine ndimalangiza miyezi itatu yathunthu, kuwerenga kuyambira tsiku limene alandira kalata, osati limene mwailemba. Munthu wa malipiro a pamwezi amafunika kulandira kangapo kuti akonze bajeti yake kapena apeze nyumba ina.

Pa zifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Kungoti "zinthu zakwera" sikukhutiritsa, chifukwa zakweranso kwa iwowo. Onetsani masamu. Tinene kuti malata, misomali, mitengo ndi mmisiri zinakudyerani 21,600. Mukagawa pa miyezi 36, ikutuluka 600 pamwezi, ndipo aphunzitsi aona okha kumene 600 yachokera. Malisiti akhale pafupi. Koma musaikemo magetsi ngati Credelec amagula okha. Chifukwa chimodzi chabodza chimaipitsa ndi zoona zomwe.

Kalatayo ikhale yaifupi chonchi, pansi pa deti ndi dzina lawo:

"Aphunzitsi, ndikukudziwitsani kuti lendi ya nyumba imene mukukhala isintha kuchoka pa mametikali 3,000 kufika pa 3,600 pamwezi kuyambira pa 1 Julayi. Chifukwa chake ndi denga latsopano limene landitengera 21,600. Mwezi wa Epulo, Meyi ndi Juni mulipirabe 3,000. Zina zonse za m'pangano sizikusintha. Ngati pali chovuta, tikambirane pasanafike pa 30 Epulo."

Kuti miyezi itatu ikwane, kalata imeneyi ifike m'manja mwawo Marichi asanathe. Pewani kuyambitsa mtengo watsopano mu Januwale kapena Febuluwale, pamene chimanga chadula pamsika ndipo ana akufuna mayunifolomu ndi makope.

Lembani makope awiri, m'Chipwitikizi ngati pangano lili m'Chipwitikizi. Kaperekeni nokha, osatuma mwana, ndipo asaine ndi kulemba deti pa kope lanu. Kusainako kukungosonyeza kuti alandira, sikuti avomera, ndiye auzeni zimenezo kuti asachite mantha. Akakana, bwererani ndi mlembi wa dera ngati mboni.

Akadandaula kuti 600 yachuluka, igaweni: 3,300 mu Julayi, 3,600 mu Okutobala, ndipo musainirane pepala lina. Julayi akafika n'kukutumizirani 3,000 yakale pa M-Pesa, musangokhala chete. Alembereni tsiku lomwelo kuti mwalandira 3,000 ndipo yatsala ndi mwakuti, apo ayi adzati munavomera mtengo wakale.