Khutu amatsinira pambali

"Agogo, mnzanga wa ku ofesi kuno ku Ginnery Corner walakwitsa manambala mu lipoti. Ndinalemba pa gulu lathu la pa foni kuti 'lipotili ndi lachabechabe', koma sindinatumize. Ndisinthe mawu ati kuti asakhumudwe koma amve?"

Mdzukulu wanga, wachita bwino osatumiza. Koma usanafunse za mawu ukanayamba wafunsa za malo. Akulu ankati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo khutu satsina pagulu.

Ndili kalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe, ndinalemba m'buku matumba a feteleza 240 pomwe lole inatsitsa 204. Akapitawo athu anaona m'mawa, koma anakhala chete chifukwa anyamata onyamula katundu anali pomwepo. Nthawi ya nkhomaliro anangoti, "Achimwene, tandiperekezani ku sikelo." Panjira anafunsa za mwana wanga amene ankadwala, nadikira mpaka nditayankha zonse. Titafika kuseri kwa malole anatsegula buku lija n'kuloza ndi chala: "Apa pali 240, pa lisiti pali 204. Kapena maso angawa akalamba, taonani nanunso." Maso awo anali bwinobwino, tonse tinkadziwa. Anangondisiyira mpata woti ndipeze ndekha. Kenaka anati, "Mukonze bukuli lisanapite kwa abwana mawa." Mpaka lero ndimakumbukira nambala ziwirizo, koma manyazi sindinawamve.

Kuyitanirana pambali kumeneku n'kumene kukutha. Masiku ano mumadzudzulana pa foni anthu makumi awiri akuwerenga, ndiye mnzako amayamba kuteteza nkhope yake, lipoti n'kuiwalika. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, ngakhale ndikudziwa kuti ntchito zanu n'zaliwiro.

Mawu oti "lachabechabe" ndi olasa, komanso sakumuuza poti akonze. Mupeze ali yekha, umupatse moni wokwanira, umutchule "inu" ngakhale muli a msinkhu umodzi. Ukatero tchula tsamba, nambala imene yalembedwa, nambala yoyenera, ndi tsiku limene lipoti likufunika. Unene kuti "tebulo la patsamba lachitatu silikugwirizana ndi malisiti", osati "simusamala ntchito".

Chenjeranso ndi ulemu wopitirira. Ife timatha kuzungulira mpaka munthu n'kuchoka akuganiza kuti wayamikiridwa. Ukayamba ndi "mwalemba bwino kwambiri", n'kumaliza ndi "ndi pang'ono chabe, musadandaule", nambala ija idzafika kwa abwana ili chomwecho. Fewetsa liwu ndi malonje, koma cholakwikacho usachichepetse.

Musanasiyane mufunse kuti, "Ndiye mukonza pati, ndipo ndidzalionenso liti?" Akangoti "chabwino, ndamva" uku akuyang'ana pansi, bwererani limodzi patsamba lija. Akati "tsamba lachitatu, Lachinayi m'mawa", bwerera pa desiki yako, ndipo uthenga uja uufufute.