Mnzanga wapamtima sakumufuna amene ndili naye pa chibwenzi

*"Ndili ndi zaka 29 ndipo ndakhala pa chibwenzi ndi mwamuna wina kwa miyezi inayi. Sabata yatha ndinapita naye kokacheza ndi anzanga 6 kuti amudziwe. Ambiri anangoti ndi wabwinobwino, koma mnzanga wapamtima, amene tadziwana kwa zaka 10, wandiuza kuti mtima wake sukumulandira. Kodi ndinafulumira kumuonetsa? Nanga mawu a mnzangayu ndiwatenge motani?"*

Simunafulumire ayi. Miyezi itatu kapena inayi ndi nthawi yabwino, bola ngati awirinu munagwirizana kale kuti ndinu ndani kwa wina ndi mnzake. Pamene panakhota ndi pa chiwerengero cha anthu. Munthu mmodzi pakati pa anthu 6 amene amadziwana kuyambira kale amakhala ngati ali pa mlandu. Iwo akuseka nthabwala zimene iye sakuzidziwa mutu wake, akutchulana maina a anthu amene iye sanawaonepo, kenaka onse n'kutembenuka kumufunsa za ntchito yake. Wamanyazi amangoti zii, n'kuoneka wonyada. Wofuna kusangalatsa anthu amalankhula mopitirira muyeso, n'kuoneka wodzitama. Choncho n'kutheka kuti mnzanu uja anaona mantha a munthuyo, osati khalidwe lake.

Konzaninso ulendo wina, koma waung'ono. Pakhale inu, iyeyo, mnzanu wapamtimayo, ndipo mwina ndi mnzanu wina mmodzi amene amadziwa kuyendetsa macheza. Sankhani malo amene si kwa aliyense wa inu, ndipo pakhale chochita, kaya kuyenda wapansi kapena kuonera masewera, kuti maso asamangokhala pa mlendo. Ola limodzi ndi theka kapena maola awiri n'zokwanira, ndipo nenani kale nthawi yosiyana kuti pasakhale wokakamizika. Mowa ukhale wochepa kapena pasakhale n'komwe, chifukwa umatulutsa nkhani za zibwenzi zanu zakale pa nthawi yolakwika. Musanakumane, uzani aliyense zinthu ziwiri zokha za mnzake zimene angayambire nazo macheza. Pakatha kukumana katatu kotere m'pamene mawu a mnzanu amayamba kukhala ndi potsamira.

Tsopano pa mawu akewo. "Mtima wanga sukumulandira" si umboni, komanso si mawu ongotaya. Papite masiku awiri kapena atatu, kenaka mukhale naye awiriwiri, osati pa foni kapena m'gulu la WhatsApp, n'kumufunsa funso limodzi: "Unaona chiyani kwenikweni?" Musamufunse kuti "ukumuona bwanji", chifukwa funso limenelo limabweretsa chigamulo, pamene inu mukufuna zimene zinachitika. Akayamba kufotokoza, gwirani pakamwa. Mukangoyamba kuikira kumbuyo wokondedwa wanu pa mfundo yoyamba, yachiwiri simudzaimva.

Tiyerekeze kuti wakuyankhani zinthu zitatu. Choyamba, akuti munthuyo salankhulalankhula ndipo nthabwala zake n'zosaseketsa. Chimenecho n'chokonda cha mnzanuyo, ndipo amene adzakhale ndi munthuyo ndinu. Chimvereni, n'kuchisiya pomwepo. Chachiwiri, akuti kuyambira pamene munayamba chibwenzi simuonekanso. Apa nkhani si ya mwamunayo kwenikweni. Mnzanu wakusowani, ndipo anthu ambiri zimawavuta kunena kuti "ndakusowa", kotero amanena kuti "ameneyu sindikumufuna". Mankhwala ake ndi kumupatsa tsiku lakelake, kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse, popanda chibwenzi chanu pambali. Mukatero kwa mwezi umodzi kapena iwiri, dandaulo la mtundu umenewu limazilala lokha.

Chachitatu ndicho chofunika kuchigwira ndi manja awiri. Akuti: "Unkafotokoza za ntchito yako yatsopano, iye anakudula mawu kawiri, n'kunena kuti iwe ukokomeza. Unaseka, koma sunalankhulenso mpaka tinabalalika." Apa pali nthawi, pali mawu amene ananenedwa, pali ndi zimene zinakuchitikirani inuyo. Mungathe kuzikumbukira, ndipo mungathe kuyang'anira ngati zikubwerezedwa. Mnzanu wa zaka 10 amadziwa kaseko kanu kenikeni ndi kaseko kobisira manyazi, chinthu chimene inu simungachione chifukwa simudziona nkhope. Wakutsina khutu ndi mnansi. Musathamangire kuthetsa chibwenzi, koma kwa sabata zinayi zikubwerazi tcherani khutu: kodi amakunyozani pamaso pa anthu n'kumati ndi nthabwala? Mukamuuza kuti zinakupwetekani, amapepesa n'kusintha, kapena amati ndinu wosachedwa kukhumudwa? Yankho lake pamenepo limakuuzani zambiri kuposa zimene anachita tsiku lija.

Pali chifukwa chimene sitinena kuti "chikondi ndi cha awiri, enawo asalowerere" n'kuthera pomwepo. Mu 1999, Tara MacDonald ndi Michael Ross a ku Canada anatulutsa kafukufuku amene anafunsa ophunzira a payunivesite, makolo awo ndi anzawo ogona nawo chipinda chimodzi kuti alosere kutalika kwa zibwenzi za ophunzirawo. Eni chibwenzi ankayembekezera zabwino kuposa anthu enawo, koma ogona nawo chipinda ndi amene analosera molondola kwambiri. Munthu akakhala m'chikondi amaona zofooka za mnzake, koma saziwerengera. Wapambali amaziwerengera.

Komabe wapambali ali ndi malire ake. Amadziwa zimene waona kwa maola ochepa, kuphatikiza zimene inu mwamuuza. Ngati mumamuimbira foni mukangokangana ndi wokondedwa wanu, koma osamuuza mukagwirizananso, ndiye kuti mwamupatsa buku la milandu yokhayokha, ndipo musadabwe akamaweruza ndi buku lomwelo. Onaninso mbiri yake. Ngati sanakondepo aliyense amene munakhala naye pa chibwenzi, mawu ake apepukeko. Ngati ndi munthu amene sanenanena za anthu, koma lero walankhula, alemere. Anzanu asanu aja amene anati "ndi wabwinobwino" musawawerenge ngati mavoti opambana mmodziyo, chifukwa pagulu anthu amayankha mwaulemu. Afunseni awiri mwa iwo, aliyense payekha, popanda kuwauza zimene wina wanena. Anthu awiri amene sanapangane akatchula chinthu chimodzimodzi, ndiye kuti chinthucho chilipodi.

Pali zochepa zimene mawu a munthu mmodzi amakwanira osadikira wachiwiri: akakuuzani kuti anamuona akukukankhani kapena kukuopsezani, kuti akubisa banja kapena chibwenzi china, kapena kuti anayamba kumufunsira iyeyo kumbali. Zoterezi zifufuzeni msanga.

Kulakwitsa kumene kumawononga zonse ndi kutenga mawu a mnzanu n'kukawatula kwa wokondedwa wanu: "Uje akuti sakukufuna." Mukatero mwawadanitsa, ndipo ngakhale mnzanuyo adzasinthe maganizo, winayo sadzaiwala. Ngati pali khalidwe loti mukambirane, linenereni m'dzina lanu: "Tsiku lija unandidula mawu pamaso pa anzanga, sizinandisangalatse." Ndipo muonetsetse mmene iye amalankhulira za anzanuwo. Kusagwirizana ndi mmodzi mwa iwo si vuto. Koma akayamba kupezera chifukwa aliyense, kukwiya mukapita kukawaona, kapena kufuna kuwerenga mauthenga amene mumalemberana nawo, ndiye kuti akukuchotsani pakati pa anthu amene angaone zimene akukuchitani. Zikafika pamenepo, mnzanu wa zaka 10 uja muuzeni zonse, osamubisira kanthu.